Masipelo ndi Galamala Basi

Yoweli anafika Lachisanu m'mawa, a Lonia Mvula ali pakhonde kuswa nsawa. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, napereka moni wothamangitsa, kenako anasolola pepala lopinda panayi m'thumba la shati.

"Amayi aakulu, ndabwera ndi kantchito. Koma ndineneretu: masipelo ndi galamala basi. Mawu anga musawakhudze."

A Lonia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Yoweli anali mwana wa mng'ono wawo Ebelesi, woyamba pamtundu wawo kufika ku koleji. Chaka chapitacho anabwerako ndi dipuloma ya zaulimi, ndipo mudzi wonse wa kwawo ku Pembamoyo unkadziwa kuti tsiku lililonse amapalasa njinga kupita ku boma, kumene ankagwira ntchito ku bungwe lina lophunzitsa alimi a nsawa.

"Khala pansi poyamba," anatero a Lonia. "Munthu sayamba ndi malamulo pakhomo pa eni. Ndi chiyani chimenechi?"

Inali imelo yofunsira ntchito. Kampani ina ya mbewu inkafuna alangizi, ndipo yopeza anthuwo inali ofesi ina ya ku Chipata imene ntchito yake ndi kusakira makampani antchito. Chilengezo chinati aliyense atumize CV yake, pepala lija lofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo, kwa a Betty Kamanga, pasanakwane faifi koloko madzulo a Lachisanu lomwelo. Imeloyo ndiyo inali kalata yoperekezera CV. Yoweli anailemba pafoni, naisindikizitsa ku boma kwa mnzake Filimoni, podziwa kuti mayi ake aakuluwo timalemba ta pafoni satiwona.

"Chilengezo unachiwona liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo."

"Ndiye wabwera lero."

Yoweli anangoyang'ana nkhuku zimene zinkatola makoko. A Lonia anakutumula chitenje, nalowa m'nyumba kukatenga magalasi, bolopeni yofiira ndi thabwa limene ankalembera. Ntchito imeneyi ankaidziwa. Anataipa makalata mu ofesi ina ku boma zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, pamene kalata ya bwana inali ngati mwana wa mnansi: ukhoza kumupukuta mamina, koma kumumeta ayi. Tsiku lina ali mtsikana anafupikitsa chiganizo cha mkulu wina wa chipani chifukwa chinkazungulira ngati njira ya woledzera. Mkuluyo anaimirira kumbuyo kwawo mpaka atataipanso kalata yonse, ndi makaboni ake atatu, mmene iye anailembera. Kuchokera tsiku limenelo a Lonia ankakonza zilembo zokha, mtima n'kumawawa. Atapuma ntchito anaganiza kuti zimenezo zatha. Lero lamulo lomwelo linabwera panjinga, mkamwa mwa mwana amene anamusambitsapo m'beseni.

"Bwanji sukufuna kuti ndikhudze mawu?"

"Kalata ya ulendo watha anandikonzera a Bonifasi, aphunzitsi aja. Anaifufuta yonse n'kulemba yawo. Atandiimbira foni a kuntchitoko, anandifunsa kuti liwu lina limene ndinalemba ndinkatanthauza chiyani. Ine liwulo ndinali ndisanalimvepo. Foni inadulidwa mwaulemu kwambiri. Ulendo uno ndikagwa, ndigwe ndi mawu anga."

A Lonia anakhala pansi, naika thabwa pabondo. Anavala magalasi.

Mzere woyamba unapita bwino. Wachiwiri anaimapo.

"Unadzozedwa liti?"

"Kudzozedwa?"

"Apa walemba kuti ndiwe *parson* wolimbikira ntchito. Ameneyo ndi m'busa. Ukati munthu, pali *e*, osati *a*."

"Koma foni sinadule mzere pansi pake."

"Foni ikudziwa bwanji kuti si iwe m'busa? Liwulo lilipo."

Anadula *a*, nalemba *e* pamwamba pake. Anatembenuza zilembo ziwiri zimene zinasinthana malo m'liwu lina, naika zilembo zazikulu pa dzina la koleji, nachotsa timakoma tinayi timene tinangomwazika ngati mbewu yogwa m'thumba lobooka. Zimenezo zinali zawo, ndipo dzanja linkayenda lokha. Chovuta chinali china. Ndime yoyamba yonse inkafotokoza kuti Yoweli anabadwa m'banja losauka koma loopa Mulungu, kuti ankayenda wapansi kupita kusukulu, ndi kuti kuyambira ali wamng'ono ankakonda zomera. Dzina la ntchito imene ankaifuna linkatulukira m'ndime yachitatu, ngati mlendo wofika anthu atasamba kale m'manja. Liwu loti modzichepetsa linalimo katatu.

"Mayi ameneyu alandira makalata angati lero?" anafunsa a Lonia. "Ukuganiza kuti ali ndi nthawi yoyenda nawe wapansi mpaka kusukulu? Ndime iyi ichoke. Uyambe ndi ntchito imene ukufuna ndi kumene unaiwona."

"Muli sipelo yolakwika m'ndimemo?"

"Ziwiri. Ndakonza."

"Ndiye yakhala bwino."

A Lonia anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya chitenje ngakhale analibe fumbi. Analowanso m'nyumba, nabwerako ndi pensulo.

"Tichite chonchi. Zofiirazi ndi zimene wandituma. Zapensulo ndi zimene sunanditume. Ukafuna uwerenge, ukapanda kufuna ufufute. Koma ine sindingaone mbuzi m'munda n'kungodutsa chifukwa munda si wanga."

Pofika leveni koloko, m'mbali mwa pepalalo munali mutada ndi pensulo. Yoweli ankawerenga chilichonse, n'kupukusa mutu. Ndime yoyamba anaikana. Modzichepetsa onse atatu anawakana. Mwambi umene anautembenuzira m'Chingerezi, wa fodya wako ndi uyo ali pamphuno, anati ndiwo mtima wa kalatayo. A Lonia anayesa kumuuza kuti m'Chingerezimo mwambiwo ukungomveka ngati munthu wosuta akudzilengeza, koma galamala yake inali yowongoka, choncho unatsala. Yoweli anavomera ziwiri zokha. Choyamba, chilengezo chinati pamzere wa mutu wa imelo palembedwe dzina la ntchito ndi nambala yake, ndipo iye anangolembapo kuti moni. Chachiwiri, anawatchula a Kamanga ngati mayi wapabanja, chonsecho chilengezo sichinanene zimenezo.

"Izo ndinangoiwala," anatero. "Si kuti mwandisintha mawu."

"Ayi ndithu. Ndingayerekeze bwanji."

Kenako anafika pandime yachinayi, yonena za ntchito ya ku boma. Anawerenga chiganizo choyamba kawiri. Chinayamba ndi mawu akuti *I am worked*, n'kupitiriza kunena za bungwe la nsawa lija, kuyambira Okutobala chaka chatha.

"Apa pali mawu awiri amene sakhalira limodzi," anatero a Lonia. "Ili loyamba, *am*, likuti ukadali pomwepo. Ili lachiwiri lili ndi mchira wosonyeza kuti zinatha kale. Uli ngati munthu amene mwendo wina uli m'nyumba, wina panja. Ukati *I am working*, ndiye kuti ukugwirabe, ngakhale pamenepo tiyenera kukonzanso pang'ono chifukwa watchula mwezi woyambira. Ukati *I worked*, ndiye kuti unagwira n'kusiya. Poti ukugwirabe, ndilemba zakuti ukugwirabe."

Anatsitsa bolopeni. A Lonia anadikira kuti amve kutsutsa kwina, poti m'mawa wonsewo panalibe chimene chinadutsa chopanda mkangano. Kunali zii. Atakweza maso anapeza mnyamatayo akukanda chala chachikulu ndi chikhadabo, maso ali panjinga yake.

"Yoweli. Ukugwirabe?"

"Ingolembani imene ikumveka bwino."

"Zonse zikumveka bwino. Ndafunsa kuti yoona ndi iti."

"Imeneyo si galamala."

"Ndi galamala yeniyeni. Sindingaike nthawi ya mneni ndisakudziwa nthawi ya nkhani. Wanena wekha kuti ndisalembe zanga."

Yoweli anatola khoko la nsawa, naliphwanya tizidutswa. Mawu atatuluka anali otsika, moti a Lonia anachita kusendera.

Ntchito ija inatha mu Epulo. Sanamuchotse chifukwa cholakwa. Bungwelo linali la zaka zitatu, iye analowa kumapeto kwake, ndipo nthawi itakwana anatseka ofesi, galimoto n'kubwerera ku Lusaka. Anamupatsa kalata yabwino yomuchitira umboni. Tsiku limenelo anabwera kunyumba atakonzeka kunena, koma anapeza mayi ake akusita shati yake ya mawa, akuuza mlendo kuti Lamulungu lapitalo anaimirira m'tchalitchi kuthokoza chifukwa cha ntchito ya mwana wawo. Anati adzanena mawa. Mawa lake anavala shatiyo n'kukwera njinga. Tsopano unali Julayi. Miyezi itatu yonseyo ankakhala m'kashopu ka Filimoni, kuthandiza kusindikiza mapepala ndi kutchaja mafoni a anthu, n'kumafufuza ntchito.

"Poyamba ndinalemba kuti ndinagwira," anatero. "Kenako ndinaganiza kuti munthu amene ali pantchito amamutenga msanga kusiyana ndi wongokhala. Ndiye ndinaika *am*. Mchirawo ndinaiwala kuchotsa."

A Lonia anaika bolopeni pathabwa. Chimene chinawabwerera choyamba sichinali chisoni. Unali mkwiyo, ndipo unali wa zinthu zazing'ono: mazira amene ankamupatsira kuti akadye kuntchito, ndi tsiku lija mu Meyi pamene anamupempha kuti awaperekeze kuchipatala iye n'kunena kuti abwana sangamulole.

"Miyezi itatu," anatero. "Kupalasa mtunda wonsewo, kupita ndi kubwera, kukagwira ntchito yonamiza amako. Mphamvu zimenezo ukanalima nazo dimba bwenzi tikudya kabichi."

"Musawauze."

"Ndiwauze ine? Unayamba wekha, umaliza wekha."

Asanapitirize, anamva kukhosomola kuseri kwa nkhokwe. Ebelesi anatulukira atanyamula kambale ka mbatata zophika. Anali wamfupi, woyenda mofulumira, wolankhula asanafike.

"Ndati anthu ophunzira asafe ndi njala. Zikuyenda, asisi? Mumukonzere bwino. Ngakhale ine sindikuona chifukwa chofunira ntchito ina pomwe ali nayo kale yapafupi, yogona pakhomo. Koma ana a masiku ano. Lero abwana ake achita kumupatsa tsiku lonse kuti alembe zimenezi. Mabwana otere alipo angati?"

"Ndi ochepa," anatero a Lonia.

Ebelesi anasuzumira papepala, ngakhale Chingerezi sankachiwerenga. "Zofiira zonsezi walakwa?"

"Zina walakwa. Zina tikukambirana."

Ebelesi anakhala kanthawi, nadandaula za mtengo wa nsawa chaka chino, nafunsa ngati a Lonia apita ku chigwirizano cha amayi Lachinayi, kenako anatenga kambale kake n'kumapita. Nthawi yonseyo Yoweli ankasenda mbatata imodzi yomweyo. Zaka zonsezi a Lonia anali asanamubisirepo kanthu mng'ono wawoyo, ndipo lero analowetsedwa m'bodza la eni popanda kufunsidwa, chifukwa cha mneni mmodzi.

Panali njira yachitatu, ndipo ankaidziwa bwino. Mu ofesi muja anaphunzira mawu amene savomera komanso sakana. Munthu akalemba *I have worked*, osatchula miyezi, wowerenga sangadziwe ngati akadali pomwepo kapena anachoka, ndipo palibe angamugwire bodza. Anaganiza zongokhala chete. Koma mwanayo anawatuma galamala, ndipo iyi inali galamala.

"Pali kalembedwe kena," anatero mosafuna, namufotokozera. "Si bodza. Ndi kuima pakhomo osalowa, osatuluka. Mabwana anga ankakakonda kwambiri."

Nkhope ya Yoweli inawala pang'ono. "Ndiye tilembe kameneko."

"Pa CV unalemba chiyani?"

Kuwala kuja kunazima. Pa CV analemba kuti Okutobala mpaka pano.

"Ndipo mboni yako yoyamba ndi yani?"

"A Luka Daka, amene anali abwana anga."

"Amene anatseka ofesi ndi manja awo. Mayi Kamanga akawaimbira, a Dakawo anena kuti chiyani? Kapena nawonso ukawapempha kuti akonze masipelo ndi galamala basi?"

Yoweli anaimirira, nayenda mpaka pamtengo wa mango, nagwira chishalo cha njinga. A Lonia anaganiza kuti akupita, ndipo mumtima anati apite, nsawa zikundidikira. Koma anangoima pamenepo, akukankha tayala ndi nsapato. Atabwerera anatenga pensulo, osati bolopeni, nadula *am* yekha. Pamapeto pa chiganizocho anawonjezera kuti mpaka Epulo chaka chino, pamene bungwelo linamaliza ntchito yake.

"Mawu amenewo ndi anga," anatero. "Onani ngati ali bwino."

Munali sipelo imodzi yolakwika. A Lonia anaikonza.

Apa n'kuti dzuwa litapendeka, nthawi itapitirira wani koloko. Panatsala kulowetsa zokonzazo mufoni, ndiponso CV. Imene inali mufoni ya Yoweli inali yotsekedwa kale, mtundu umene amautcha PDF, woti sungasinthemo kanthu. Yosinthika inali mukompyuta ya Filimoni ku boma. Pakhomo pa a Lonia netiweki inkabwera ngati mlendo wamanyazi, choncho ananyamuka onse awiri kupita kuchulu cha kuseri kwa sukulu, kumene anthu a m'mudzimo amaimbira mafoni. A Lonia ananyamula kampando, thabwa ndi pepala lija.

Filimoni anayankha ulendo wachitatu. Anati magetsi azima kuyambira m'mawa, koma kompyuta yaing'ono ikadali ndi moto pang'ono. Yoweli anamuuza mzere woti asinthe. Anadikira. Mphepo ya Julayi inkawomba pachulupo, kukupiza pepala, ndipo a Lonia ankalipanikiza ndi chigongono uku Yoweli akulowetsa zofiira zija mufoni chimodzichimodzi.

"Werenga zimene walemba," anatero atamaliza.

Anawerenga bwinobwino, mosadodoma.

"Ukuwerenga za m'mutu mwako. Bweretsa kuno. Kulitsa zilembozo."

Yoweli anakulitsa mpaka mawu atatu okha ndiwo ankakwana pagalasi, ndipo a Lonia anayenda nawo ndi chala, pepala lili pabondo. Zolakwa zakale zinali zitachoka, kupatula ziwiri zimene anazidumpha. Koma panabwera zatsopano. Foniyo, pofuna kuthandiza, inasintha Pembamoyo kukhala mawu awiri a Chingerezi opanda mutu, ndipo dzina la a Kamanga inalidula pakati.

"Chinthu ichi chinasiya m'busa uja osanena kanthu," anatero a Lonia, "koma dzina la mudzi wathu ndiye chaona kuti n'lolakwika."

Anakonza. CV yatsopano inafika kuchokera kwa Filimoni itadutsa fili koloko. Yoweli anafuna kuimata pomwepo, koma a Lonia anati aitsegule. Filimoni anasintha mzere uja ndithu, koma Epulo anamulemba ndi *p* awiri.

"Ndi chilembo chimodzi chabe," anatero Yoweli. "Moto wa kompyuta ukutha."

"Wandichotsa pa nsawa zanga chifukwa cha zilembo. Muimbire."

Filimoni anadandaula, mawu ake akumveka mpaka pamene anakhala a Lonia, kuti iye si kalaliki wa munthu ndipo pali anthu ena pamzere. Komabe anakonza. Yachiwiri inafika patapita theka la ola, netiweki itathawa n'kubweranso. Yoweli anaimata ku imelo, nawerenga adiresi ya a Kamanga mokweza chilembo ndi chilembo, a Lonia akutsatira pachilengezo. Chala chake chinali kale pamwamba pa potumizira.

"Tsegula chimene wamatacho."

"Amayi aakulu, mwachiwona kale."

"Ndawona chimene watumiziridwa. Chimene wamata sindinachiwone."

Anatsegula mokwiya. Inali CV yakale, ya mpaka pano ija. Mufonimo tsopano munali ma CV atatu, onse dzina limodzi. Yoweli anayang'ana kumbali. A Lonia sanafunse ngati chinali chala kapena mtima umene unasankha yakaleyo. Anali atatopa, msana ukuwawa, ndipo yankho lililonse likanangowawonjezera mkwiyo. Anamuuza kuti afufute ziwiri zolakwikazo iwo akuona, yotsalayo aipatse dzina lake lonse kuti mayi wa ku Chipatayo asachite kuisaka pakati pa ma CV a anthu ena. Anamata, natsegulanso, naona Epulo wa *p* mmodzi.

Imelo inapita nthawi itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti folo, ndi ndime yake ya kuyenda wapansi, modzichepetsa atatu, ndi fodya wa pamphuno. Kagudumu kanazungulira pagalasi kwa nthawi yaitali, kenako foni inati yatumizidwa.

"Zikomo," anatero Yoweli.

"Nyamula mpandowu. Ndipo Lolemba ndisakuone utavala shati yosita."

Yoweli sanadikire Lolemba. Anawauza mayi ake Loweruka madzulo. A Lonia anadziwa chifukwa Lamulungu kutchalitchi Ebelesi sanakhale pabenchi lawo la masiku onse, ndipo potuluka anawapeza panjira, anthu atapita patsogolo.

"Munadya mbatata zanga mukudziwa," anatero.

"Ndinali nditangomva kumene."

"Ine n'kumayamikira abwana oti kulibe, inu n'kumati ndi ochepa. Munandiyang'ana ngati chitsiru pakhonde panu."

"Inali nkhani ya mwana wako, Ebelesi. Si ine ndinayenera kuinena."

"Mwana ndi mwana. Inu ndinu akulu anga."

A Lonia anafuna kunena kuti amene ananama miyezi itatu ali kunyumba akudya bwino, pamene iwo amene anangokhala chete ola limodzi ndiwo akuzengedwa mlandu pamsewu. Anaona maso a mng'ono wawoyo atatupa, nameza mawuwo. Ebelesi anapatuka, nadzera njira ya kudimba.

Patapita sabata zitatu a Kamanga anaimba foni. Yoweli anaitanidwa ku Chipata pamodzi ndi anzake khumi ndi mmodzi. Anabwerako n'kudzafotokoza pakhonde pomwe paja. Anamufunsa za matenda a nsawa, za kasungidwe ka mbewu, ndi ngati amatha kuyendetsa njinga yamoto. Za bungwe lija anangofunsa kuti linatseka liti, iye n'kuyankha, iwo n'kulemba. A Kamanga anali atawaimbira kale a Daka.

"Nanga imelo?" anafunsa a Lonia. "Anatipo chiyani?"

Yoweli anakanda kumutu. Anati pomaliza analimba mtima n'kufunsa ngati kalata yake inali bwino. A Kamanga anaseka, nati anthu anatumiza oposa mazana anayi, ndipo iwo amayang'ana mutu wa imelo kuti adziwe ntchito yake, n'kuthamangira ku CV. Imelo yeniyeniyo amangoiponyera diso. Ikakhala ndi zolakwa zoonekera patali amaikumbukira, ikakhala yopanda zolakwa saikumbukira. Yake sankaikumbukira.



"Tsiku lonse lija," anatero a Lonia. "Pachulu, pamphepo."

"Koma ndiye kuti inali bwino."

"Ndamva. Usandifotokozere."

Pa alangizi atatu amene kampaniyo inatenga, Yoweli panalibe. Anatenga odziwa njinga yamoto. A Kamanga anati dzina lake alisunga, mawu amene a Lonia anawataipapo kambirimbiri ndipo sankawawerengera. Yoweli anatsegula dimba kumunsi kwa mudzi, nabzala repu ndi tomato, n'kumaphunzira njinga yamoto kwa mwana wa a Bonifasi. Kumayambiriro kwa Okutobala foni inaliranso. Kampani yomweyo inkafuna anthu ogawa mbewu kwa alimi kwa miyezi inayi, kudera lina kupitirira Katete. Sinali ntchito imene anafunsira, ndipo inali yakanthawi. Anapita ndi chikwama chimodzi, dimba n'kusiyira mayi ake.

Ebelesi anakhala osaponda pakhomo pa a Lonia mpaka mvula yoyamba. M'mawa wina a Lonia ali m'munda kubzala chimanga, anaona munthu akubwera ndi khasu paphewa. Sanapereke moni. Anangolowa mumzere wotsatira n'kuyamba kukumba mapando, a Lonia akuponya mbewu. Anamaliza mizere iwiri osalankhulana. Pamzere wachitatu Ebelesi anaima, natsamira khasu.

"Waimba dzulo," anatero. "Akuti kumene aliko madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu."

"Azitunga a mvula."

"Ndamuuza. Samva."

Anapitiriza kukumba.